Anandiopseza kuntchito, koma kalata yanga yoyamba anaibweza

Nkhani yanga yatha sabata yathayi, ndiye ndati ndilembe mtima usanazizire. Ndimagwira ntchito yosunga katundu pa kampani ina kuno ku Zomba, ndipo buku la mafuta a galimoto limakhala m'manja mwanga. Dalaivala wina wamkulu, amene wakhalitsa pamalopo kuposa ine, anabweretsa malisiti a dizilo osagwirizana ndi makilomita olembedwa m'buku. Ndinakana kusayina. Pamenepo ndi pamene zinayambira.

Anandipeza m'chipinda chosungira katundu Lachiwiri m'mawa, natseka chitseko ndi phazi, nkunena kuti: "Iwe mtsikana, ndimadziwa kumene umakhala ku Chinamwali. Ukapitiriza zimenezi uona. Suona Khirisimasi." Kenako anamenya tebulo ndi chikhatho nkutuluka. Pakhomo panali mlonda ndi mayi wina wokonza m'maofesi.

Usiku umenewo sindinagone. Ndinalemba kalata ya masamba atatu, ndipo momwemo ndinathiramo zonse za kukhosi: kuti bamboyu ndi wankhanza, wakuba mafuta, chidakwa, kuti aliyense amamuopa, ndiponso kuti mawu akewo akusonyeza kuti akufuna kundilodza. Ndinkaona ngati kalata ikatalika ndiye kuti ikhala yamphamvu.

Mayi amene amayang'anira za ogwira ntchito anaiwerenga ine ndili pomwepo, nkundibwezera. Ndinapsa mtima kwambiri, ndinkaganiza kuti akumuteteza. Koma anandikhazika pansi nkutenga cholembera chofiira. Anandifunsa kuti, "Achemwali, pamene mwalemba kuti ndi chidakwa, munamuona akumwa tsikulo?" Ayi. "Nanga aliyense amene amamuopayo ndi ndani, angabwere kudzanena?" Ndinangoti chete. Atafika pa za ufitizo anaika cholembera pansi. Anati m'dziko muno lamulo la za ufiti la 1911 likadalipo, ndipo kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Kalata yanga yomweyo ikanasanduka umboni wonditsutsa ine. Mawu oti wakuba nawonso anati ndiwachotse, chifukwa nkhani ya mafuta inali isanafufuzidwe, ndipo munthu akhoza kukusumira kuti wamuipitsira mbiri.

Masamba atatu aja anatsala ndime ziwiri. Kalata yachiwiri inayamba ndi deti lenileni ndi nthawi, cha m'ma 8:20 m'mawa, kenako malo, kenako zimene zinachitika motsatana. Ndinalemba kuti ndinakana kusayina chifukwa malisiti ndi buku zinasiyana, osati chifukwa iye anaba. Ndinalemba kuti anatseka chitseko, anaima pafupi nane mwina mita imodzi, anakweza mawu, anamenya tebulo kamodzi. Sindinalembe kuti "anafuna kundimenya", pakuti zimene ankafuna zili mumtima mwake, ine ndinangoona dzanja likugunda tebulo. Ndinatchula mayina a anthu awiri amene anali pakhomo, osanena zimene iwo anamva, chifukwa zimenezo anene okha. Za mantha anga ndinalemba chiganizo chimodzi: kuti kuyambira tsikulo ndikuopa kukhala ndekha m'chipindacho ndiponso ndasintha njira yopitira kunyumba.

Pali chinthu china chimene ndikadachiphonya. Makalata a kuofesi kwathu timalemba m'Chingerezi, ndipo poyamba mawu ake aja ndinawamasulira. "Uona" atalowa m'Chingerezi anangokhala ngati munthu akukuuza kuti udzaona chinthu ndi maso, kuopsa konse kunatha. Ndiye ndinawalemba m'Chichewa ndendende mmene anatulukira m'kamwa mwake, ndi zizindikiro zogwira mawu, ndipo kumasulira ndinakuika pansi pake. Ngakhale "iwe mtsikana" ndinamusiya momwemo. Aliyense wodziwa Chichewa akudziwa kuti kuuza mayi wa ana awiri kuti "iwe" pamalo a ntchito si ngozi ya lilime. Mawu otukwana nawonso, ngati alipo, alembeni mmene alili, ngakhale akuchititseni manyazi. Mukalemba kuti "ananditukwana" basi, iye adzangoti sanatukwane, ndipo palibe choti komiti yomva nkhaniyo iyeze.

Kumapeto ndinanena chimene ndikupempha: kuti nkhani ifufuzidwe, ndiponso kuti pamene akufufuza, dalaivalayo asamabwere yekha kudzasayinitsa kwa ine. Mayi oyang'anira ogwira ntchito aja anati ambiri amaiwala mbali imeneyi, amangodandaula nkusiyira bwana kuti aganize yekha chochita.

Tsopano chimene chinandikwiyitsa, ndipo mpaka lero ndikachikumbuka mutu umatentha. Malamulo a pakampani pathu amati dandaulo lipite kaye kwa mkulu wa nthambi, ndipo iye ndiye alitumize kwa oyang'anira ogwira ntchito. Lachinayi ndinapita nayo kalata ija. Bwana kulibe, akuti apita ku msonkhano ku Mangochi, abwera masana. Ndinadikira pabenchi mpaka 12 koloko, ntchito yanga itaima. Ndinabwereranso 2 koloko, kulibe. Itakwana 4 koloko mlembi wawo anati, "Ingosiyani pompano, ndiwapatsa." Ine ndi kutopa ndinasiya. Inali m'envelopu, inde, koma yosamata, ndipo pamwamba sindinalembe chilichonse. Kope sindinasunge, chifukwa ndinalemba pa kompyuta ya kuofesi, magetsi anazima ndisanasindikize yachiwiri.

Lolemba bwana anabwera, ndipo anati sanalandire kalata iliyonse. Mlembi anati anaiika m'thireyi. M'thireyi munalibe. Koma tsiku lomwelo wa kabaza amene amanditenga pa depoti anandifunsa kuti, "Mayi, ndamva mwasumira a dalaivala?" Wa kabaza! Kalata yosafika kwa bwana amene ali chitseko chachiwiri inali itafika kale pa depoti. Ndinalira m'chimbudzi, ndisaname.

Choncho sungani kope, ndipo amene walandira asayine pa kope lanulo, alembe deti ndi nthawi, adinde chidindo ngati chilipo. Ulendo wachitatu ndinakasindikiza kunja, pa kashopu ka fotokope pafupi ndi msika, makope awiri, ndipo ndinaima pomwepo mpaka mnyamatayo atafufuta fayilo pa kompyuta yake. Envelopu ndinamata, ndinasayina podutsa pomatapo, ndinalemba dzina la bwana ndi mawu oti ndi zachinsinsi. Ndinakana kuisiya kwa wina aliyense. Bwana atalandira ndinawapempha mwaulemu kuti, "Bwana, mundisayinireko apa kuti mwalandira." Anandiyang'ana kaye, koma anasayina.

Ndabwerera m'mbuyo pang'ono, ndinaiwala kunena za kabuku. Tsiku lomwe anandiopsezalo, ndisanalembe kalata yaukali ija, ndinali nditalemba mawu akewo m'kabuku kanga ka m'chikwama pasanathe mphindi 30. Ndinachita zimenezi mwangozi, manja akunjenjemera. Kabuku kameneko ndi kamene kanandipulumutsa pa tsiku lomva nkhani, chifukwa patadutsa masabata atatu mutu unali utayamba kusakaniza, sindinkakumbukanso ngati anayamba ndi za Chinamwali kapena za Khirisimasi.

Pa za chinsinsi, inenso ndinalakwitsa, si mlembi yekha. Tsiku loyamba lija ndinauza anzanga awiri pa nkhomaliro, ndipo ndinatsala pang'ono kulemba pa gulu la WhatsApp la kuntchito. Mwamwayi mchemwali wanga anandilanda foni. Pambuyo pake ndinamva kuti dalaivalayo anafuna kunena kuti ine ndi amene ndikumuyalutsa, ndipo uthenga wa pagulu ukanamupatsa pogwira. Mboni zija nazonso sindinakambe nazo za nkhaniyi. Mlonda anabwera yekha kudzandifunsa kuti akanene chiyani, ine ndinati, "Achimwene, mukanene zimene munamva, ine musandiuze." Zinathandiza, chifukwa funso loyamba la komiti kwa iye linali lakuti kodi ndinamupangira zonena.

Komanso musayembekezere kuti chinsinsi chikutanthauza kuti wodandauliridwayo sadziwa. Ine ndinkaganiza choncho, ndipo ndinadabwa atandiuza kuti amupatsa zimene ndalemba. Lamulo la za ntchito la 2000, gawo 57, limati munthu asachotsedwe ntchito pa zifukwa za khalidwe lake asanapatsidwe mpata wodziteteza pa zimene akumunenazo. Sangadziteteze osadziwa kuti akuti ananena chiyani, liti, kwa ndani. Kampani ikadumpha zimenezi, iye akhoza kukadandaula ku ofesi ya leba kapena ku khoti la milandu ya pantchito nkupambana, ngakhale anaopsezadi. Chinsinsi chake nchakuti nkhani ikhale pakati pa iwe, iye, mboni ndi ofufuza. Ndiye polemba muzikumbukira kuti mwiniwakeyo adzawerenga mzere uliwonse. Nditazindikira zimenezi ndinathokoza mayi a cholembera chofiira aja.

Za kupolisi anthu anandifunsa kwambiri. Kuopseza munthu ndi mlandu pa malamulo a dziko, si nkhani ya kuofesi yokha, ndipo dandaulo la kuntchito silikuletsa kupita kupolisi. Popeza anatchula kumene ndimakhala, ndinapita kukanena kuti zilembedwe, nditatenga kope la kalata yomwe ija kuti mawu asasiyane. Ndinawauzanso bwana kuti ndapitako, asadzamve kwa ena. Akanakhala kuti anangondikalipira osatchula kunyumba kwanga, mwina ndikanathera kuofesi konko.

Pa tsiku lomva nkhani tinakhala anthu asanu ndi mmodzi m'chipinda chamisonkhano. Dalaivala uja anabwera ndi mnzake womuperekeza, inenso anandilola kutero. Anavomera kuti analowa m'chipinda changa, anakana zomenya tebulo, ndipo pa "uona" anati ankatanthauza kuti ndiona kuti malisiti ndi olondola. Wapampando anangowerenga chiganizo chotsatira, cha Khirisimasi chija, nkumufunsa kuti nanga ichi chikukhudzana bwanji ndi malisiti. Sanayankhe. Mayi wokonza m'maofesi anati sanamve mawu onse koma anamva kugunda kwa tebulo ndi dzina la Chinamwali. Zinakwanira.

Chilango chimene anamupatsa sindinauzidwe mwatsatanetsatane, ndipo poyamba zinandiwawa. Kalata imene ndinalandira inangoti dandaulo langa lapezeka loona, achitapo kanthu, ndipo malisiti a madalaivala azidzera kwa akauntanti. Akuti chilango ndi chinsinsi cha iyeyo, monga mmene kalata yanga inayenera kukhalira chinsinsi changa. Chabwino. Za kalata yotayika ija palibe amene anafunsidwa, chifukwa ndinalibe pepala losonyeza kuti ndinaisiya kwa mlembi, ndipo mlembiyo timapatsanabe moni m'mawa uliwonse ngati palibe chinachitika. Kope losayinidwa lija lili kunyumba, m'chikwama momwe ndimasunga masatifiketi a ana.