Maloto oopsa, piritsi la usiku ndi chipisi cha madzulo

Sabata ino m'kalasi la zamankhwala tinali pa nkhani ya tulo, ndipo aphunzitsi anatipatsa chitsanzo choti tichilingalire. Bambo wina wangoyamba kumwa ma ARV. Usiku uliwonse akulota malemu amalume ake akumuthamangitsa, amadzuka thukuta lili kamukamu, ndipo kunyumba ayamba kale kunong'onezana kuti pali wina akumulodza. Tisanamuyankhe, timufunse chiyani?

Choyamba ndi kudziwa mmene tulo timayendera. Timabwera m'magawo amene amabwerezabwereza pafupifupi mphindi 90 zilizonse. Gawo lina ndi limene maso amathamangathamanga m'kati mwa zikope, ndipo maloto ooneka bwino kwambiri amachitika pamenepo. Gawoli limakhala lalifupi kumayambiriro kwa usiku, n'kumatalika kukamacha. Chimene chinandigwira mtima n'chakuti munthu amakumbukira loto makamaka akadzidzimuka ali m'kati mwake kapena litangotha. Ndiye amene akuti "masiku ano ndikulota kwambiri" nthawi zambiri ndi munthu amene akudzukadzuka kwambiri.

Bambo uja tinayerekezera kuti ali pa mankhwala okhala ndi efavirenzi, aja ankadziwika kuti 5A, amene anthu ambiri ku Malawi ankamwa dziko lisanasinthire ku 13A ya dolutegravira mu 2019. Efavirenzi amafika mu ubongo, ndipo chizungulire ndi maloto achilendo ndi zina mwa zovuta zake zodziwika. Zimayamba m'masiku oyambirira enieni, ndipo kwa ambiri zimazilala pakatha masabata awiri mpaka anayi. Mankhwalawa amachuluka kwambiri m'magazi patatha maola atatu mpaka asanu munthu atamwa, choncho amene wameza piritsi cha m'ma 9 koloko usiku, mphamvu yake imamupeza pakati pa usiku ali m'tulo. Komanso pakati pa anthu a kuno ku Africa alipo ambiri amene chiwindi chawo chimachedwa kuphwanya mankhwalawa, n'chifukwa chake awiri omwa piritsi lofanana, wina amagona bwinobwino pamene mnzake akuona zoopsa.

Apa ndi pamene chakudya chimalowerera. Mafuta amachititsa kuti efavirenzi ambiri alowe m'magazi, n'chifukwa chake malangizo amati amwedwe pogona, m'mimba muli mopepuka. Tangoganizani bambo wathu akuchokera ku ntchito usiku, waima pachiwaya, wadya chipisi ndi kanyenya, kufika kunyumba n'kumezerapo piritsi. Wadziwonjezera yekha mphamvu ya mankhwala osadziwa. Kwa amene sali pa mankhwala, kudya mochedwa kumagwira ntchito mwa njira yosavuta: ukagona chikhutire, asidi wa m'mimba amakwera kukhosi, chilungulira chimakudzutsa, loto n'kutsala m'mutu. Zoti chakudya chakutichakuti chimabweretsa maloto amtundu wakutiwakuti, ine sindizikhulupirira kwenikweni.

Mowa ndiye wachinyengo. Umagonetsa msanga, koma m'theka loyamba la usiku umapondereza gawo la maloto lija. Thupi likamaliza kuuchotsa, gawolo limabwerera mwamphamvu ngati wangongole amene wadikira nthawi yaitali, ndipo tulo ta m'bandakucha timakhala toduladula. Choncho ngati bamboyo akuti maloto oipitsitsa amabwera m'mamawa wa Lamlungu, timufunse kuti Loweruka madzulo anali kuti.

Mafunso athu anathera pa nkhani ya nthawi basi. Malotowa anayamba liti, ndipo piritsi loyamba munamwa liti? Mumadya nthawi yanji, mumadya chiyani? Pali mankhwala ena amene mwayamba kapena mwasiya? Lomalizali ndi lofunika chifukwa propranololo wa kuthamanga kwa magazi amatha kubweretsa maloto oopsa, ndipo kusiya mwadzidzidzi amitriptilini, mankhwala a matenda ovutika maganizo, kumachitanso chimodzimodzi.

Mnzanga wina anafunsa kuti ndiye kuti lotolo lilibe tanthauzo? Ine ndikuona kuti mankhwala akufotokoza chifukwa chake loto lafika mwaukali chonchi, komanso chifukwa chake lafika mwezi uno, koma sanasankhe amalume. Amalumewo achokera m'mtima mwa munthu amene wangouzidwa kumene kuti ali ndi kachilombo, mwina iwonso anamwalira atadwala nthawi yaitali. Zimenezo n'zofunika kukhala naye pansi n'kucheza. Choopsa n'chakuti womasulira maloto amene sanafunse za piritsi akhoza kuloza chala agogo ena osalakwa, kapena wodwalayo n'kusiya mankhwala.

Bamboyo tinagwirizana kuti adye msanga chakudya chosachuluka mafuta, asiye mowa, apitirize kumwa mankhwala, ndipo abwere kuchipatala ngati mwezi watha osasintha. Koma akayamba kuona zinthu kapena kumva mawu ali maso, kapena kuganiza zodzipha, asadikire mweziwo. Ndipo ngati ndi munthu womwa mowa tsiku ndi tsiku, kusiyako kuchitike mothandizidwa ndi achipatala, chifukwa kunjenjemera, kusokonezeka mutu ndi kukomoka zimatha kubwera m'masiku awiri kapena atatu oyamba.