Kasitima kanga ka Liberty: ndafika pa makomo a katundu

Thupi la kasitima lauma tsopano, ndipo ndayamba kudula makomo asanu otsitsira katundu. Ndikugwiritsa ntchito makatoni olimba ndi guluu, pa muyeso wa 1:200. Sitima yeniyeni ya Liberty, yonyamula katundu yopangidwa ku Amereka, inali yotalika mamita pafupifupi 135, choncho yangayi ndi masentimita 67.

Chimene manja anga aona n'chakuti m'mbali mwake mulibe zokhotakhota zambiri. Ukadula chidutswa chimodzi, zinazo umangotengera pomwepo. Ndi mmenenso Amereka ankachitira pa Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse. Pulani anaitenga kwa Angelezi a ku Sunderland n'kuifewetsa, zigawo zikuluzikulu ankazikonzeratu padera, kenako n'kuzilumikiza mowotcherera m'malo mokhoma mariveti. Kuwotcherera munthu amaphunzira msanga, n'chifukwa chake anthu amene anali asanaonepo sitima, kuphatikizapo amayi ambiri, analowa ntchito mosavuta.

Yoyamba, Patrick Henry, inalowa m'madzi mu Sepitembala 1941 ndipo inatenga masiku 244. Pofika 1943 imodzi inkatha m'masiku pafupifupi 40, ndipo zonse zinakwana 2,710. Inali sitima yaulesi, makilomita 20 okha pa ola, koma imodzi inkasenza matani 10,000. Ajeremani ankafuna kumiza sitima zambiri kuposa zimene adani awo angapange, kuti Britain isowe chakudya ndi mafuta. Mu 1943 masamuwo anawakanika: zatsopano zinkachuluka kuposa zomira, ndipo mu Meyi chaka chomwecho anataya sitima zoyenda pansi pa madzi pafupifupi 40 n'kuyamba athawa kumpoto kwa Atlantic. Pansi pa pangano la Lend-Lease, limene Amereka ankathandizira nalo maiko anzawo ndi katundu pa nkhondoyo, sitima ngati zimenezi zinkapititsanso malole, njanji ndi nyama ya m'zitini ku Soviet Union kudzera ku Murmansk, ku Iran ndi ku Vladivostok. Ine ndimaona kuti popanda malole amenewo, asilikali a Soviet sakanathamangitsa Ajeremani mwaliwiro lomwe anachitira mu 1944.

Makomo aja andiimitsa kaye, chifukwa liwiro linali ndi mtengo wake. Sitima zoyambirira zinali ndi makomo a ngodya zakuthwa, ndipo mphamvu yonse ya mafunde inkasonkhana pangodyapo. M'madzi ozizira chitsulo chake chinkauma gwa n'kumasweka ngati galasi. Pa sitima ya mariveti mng'alu umaima pamene chitsulo china chathera, koma pa yowotcherera thupi lonse ndi chimodzi, ndiye mng'alu unkangoyenda, moti zina zinaduka pakati. Constance Tipper, katswiri wa zitsulo wa pa yunivesite ya Cambridge, anaonetsa kuti gwero lake linali chitsulocho chikazizira. Opanga sitima anakonza vutoli pozunguliza ngodya ndi kukhoma malamba achitsulo a mariveti oimitsa mng'alu.

Ndasankha kudula ngodya zakuthwa, kuti kasitimaka kakhale ka 1942 vutoli lisanakonzedwe. Kwatsala milongoti itatu yonyamulira katundu, chumuni, ndi penti yotuwa.