Bedi 7 asadye

Lipoti ndinalemba 3 koloko masana, wodi ya abambo ili zii. Mzere womwe unandigwetsa unali waufupi: “Bedi 7 asadye, fiyeta mawa.” Pa bedi 7 panagona bambo wina wa zaka 58, wothyola tiyi kuno ku Thyolo, woyembekezera opaleshoni ya phudzi.

Cha m'ma 4 koloko anabwera naye mnyamata wa kabaza atathyoka fupa la pantchafu. Bedi lokhala ndi chitsulo chokokera mwendo linali lomwelo la 7, choncho ine mwini, ndi manja anga awa, ndinasamutsira bambo aja pa bedi 12. Buku la lipoti sindinalikhudzenso. Anzanga a naiti atafika, chiperoni chinali chitayamba ndipo mtima unali kale pa minibasi yomaliza. Lipoti tinapatsirana pa tebulo, osayenda bedi ndi bedi monga timayenera. Tikanayenda, chitsulo cha mwendo chija chikanatifunsa chokha kuti phudzi lili pati.

M'mawa ndikulowa, ndinamva kulira ndili pakhonde. Mayi ake a mnyamata uja anali atakhala pansi, kontena ya nsima ndi nandolo ya dzulo ili chitsekere.

“Anesi, mwana wanga mukumudula mwendo osatiuza? Kungogwa panjinga basi?”

Mnyamatayo anali atagona ndi njala, ndipo atamva mawu oti fiyeta anali atayamba kale kulangiza mng'ono wake za ngongole ya njinga. Ndinatembenuka pang'onopang'ono kuyang'ana bedi 12. Bambo aja anali akupukuta pakamwa. Anali atamwa phala, atatsitsira chinangwa chophika ndi tiyi wamkaka, nthochi ya makumbuka ili m'manja.

“Mwadzuka bwanji anesi? Ndati ndidyeretu, kumeneko ndikapite ndi mphamvu.”

Kuseka kunathera pamenepo, chifukwa munthu akagonetsedwa m'mimba muli chakudya, chikhoza kubwerera kukhosi n'kulowa m'mapapo, iye osatha kutsokomola. N'chifukwa chake chakudya chimasiyidwa maola 6 opaleshoni isanayambe, ndipo madzi oyera maola 2. Tiyi wamkaka ndi phala zimawerengedwa ngati chakudya, ngakhale odwala amatsutsa kuti n'zakumwa chabe. Bambowo anadya 6:30, kutanthauza kuti sakanalowa isanakwane 12:30. Ogonetsa anthu ku fiyeta anangowachotsa pamndandanda wa tsikulo. Mwayi wanga unali wakuti mnyamata uja sanali wa shuga wobaya insulini, apo ayi njala ya usiku umodzi ikanamukomola.

A sisitala sanakalipe. Anandiikira buku patsogolo n'kunena motsitsa mawu: “Werengani mokweza. Tsopano tandiuzeni, bedi limadya?”

Anandilembetsanso mzere uja iwo ataima pambali. Poyamba dzina lonse la wodwala, zaka zake ndi nambala ya fayilo, chifukwa kuno mayina ofanana ndi osayamba ndipo dzina lokha silikwanira. Nambala ya bedi ibwere pambuyo, ngati chongothandiza kumupeza. Kenako opaleshoni yanji, mbali iti, tsiku ndi deti lake, 8 koloko m'mawa. Mawu oti “mawa” anawakhwatcha: wolemba Lachiwiri masana ndi wowerenga Lachitatu mbandakucha ali ndi mawa awiri osiyana.

Anakhalitsa pa “asadye”. Asadye kuyambira liti? Amwe kapena ayi? Nanga mankhwala ake a magazi othamanga amwe ndi madzi pang'ono, kapena adokotala ati asiye? Zonsezi zilembedwe ndi nthawi yake: chakudya chomaliza chisapitirire 2 koloko usiku, madzi oyera alekeze 6 koloko m'mawa. Ndipo palembedwe kuti gadiyani wauzidwa, ndi ndani, nthawi yanji, chifukwa kuno wophikira wodwala nthawi zambiri ndi gadiyani, ndipo iye buku lathu saliwerenga. Akazi a bambo aja sanalakwe chilichonse, anangochita zimene mkazi wachikondi amachita m'mawa wozizira.

Pomaliza, zomwe zachitika ndi zomwe zatsala: fomu yovomera opaleshoni yasainidwa, zotsatira za magazi sizinabwere ku labu, wa naiti akazitenge. Chilichonse chosintha lipoti litalembedwa, monga kusamutsa bedi, chiwonjezedwe pansi ndi nthawi ndi saini, osafufuta zakale.

Bambo aja anachitidwa opaleshoni Lachisanu, nditawauza ndekha akazi awo kawiri konse. Mnyamata wa kabaza anakhala nafe masabata angapo mwendo uli pachitsulo, ndipo ndikangolowa m'wodi ankakumbatira kontena yake n'kukuwa: “Amayi, pakulani msanga, a Bedi Seveni afika!”