Tsiku la lipoti limatha nthawi ya ndani?

M'maphunziro a malipoti odzitulutsa okha, mfundo imene yandidyera nthawi ndi ya tsiku. Nkhokwe zambiri za deta zimasunga nthawi ya malonda mu UTC, nthawi imodzi imene dziko lonse limayerekezerapo nthawi zake, ndipo kutero n'kwabwino. Vuto limabwera lipoti likamasonkhanitsa malonda potengera tsiku la UTC lomwelo.

Tinene kuti nthambi ya ku Tokyo yagulitsa katundu pa 1 Epulo, 8 koloko m'mawa. Tokyo ili patsogolo pa UTC ndi maola 9, choncho m'nkhokwe mwalembedwa 31 Malichi, 23:00. Malonda a Epulo alowa m'lipoti la Malichi. Ku New York zimatembenuka: zogulitsidwa pa 31 Malichi, 9 koloko usiku, zimakagwera pa 1 Epulo. Kompyuta sidandaula, koma wowerengera ndalama wa panthambi akayerekeza ndi buku lake, manambala sagwirizana.

Chimene chandidabwitsa kwambiri n'chakuti tsiku lolakwikalo ndi limenenso limasankha mtengo wosinthira ndalama. Banki yaikulu ya mayiko a yuro, mwachitsanzo, imatulutsa mitengo yake masiku antchito okha. Ndiye malonda a ku Tokyo a Lolemba 8 koloko m'mawa, mu UTC ndi a Lamlungu usiku, tsiku lopanda mtengo. Ngati tebulo la malonda lalumikizidwa ndi la mitengo ndi `INNER JOIN`, imene imasunga mizere yokhayo yopeza inzake mbali inayo, mzerewo umangosowa mwakachetechete. Kwa ine izi n'zoipa kuposa mtengo wolakwika, chifukwa nambala yolakwika munthu angathe kuikayikira, pamene mzere wosowa palibe amauona.

Kukonza kwake kumayamba ndi kupeza tsiku la panthambi musanachite china chilichonse. Mu PostgreSQL, ngati `sold_at`, posungira nthawi ya malonda, ndi `timestamptz`:

```sql
(sold_at AT TIME ZONE 'Asia/Tokyo')::date
```

Lembani dzina la dera, osati nambala ya maola. Ku Tokyo nambalayo sisintha, koma New York imakhala kumbuyo kwa UTC ndi maola 5 m'nyengo yozizira, kenaka maola 4 kuyambira Lamlungu lachiwiri la Malichi. Dzina `America/New_York` limatsata kusinthaku lokha.

Ngakhale tsiku litakhala lolondola, nthambi zotsegula Loweruka ndi Lamlungu zifunabe lamulo. Ambiri amatenga mtengo womaliza umene unatuluka, ena amagwiritsa ntchito mtengo wapakati wa mwezi wonse. Kusankha ndi kwa a zachuma, osati wolemba pulogalamu, bola lamulolo lilembedwe pa lipoti.

Poyesa lipoti, ndimayamba ndawerenga mizere isanalumikizidwe ndi mitengo, n'kuiwerenganso italumikizidwa. Ikachepa, ndiye kuti ina yatayika. Kenaka ndimaonkhetsa malonda a nthambi iliyonse m'ndalama zake zomwe, yeni kapena dola, zisanasinthidwe. Zikasiyana kale ndi buku la panthambi, mtengo wosinthira ulibe mlandu, ndipo ndimakayang'ana malonda a tsiku loyamba ndi lomaliza la mwezi.