Funso limene linandilakwitsira ana

Lolemba ndinapatsa ana a Fomu 4 chimangirizo chokonzekera mayeso a MSCE. Funso linali lakuti: "Fotokozani za kusefukira kwa madzi m'chigwa cha Shire." Malikisi ake 20.

Lachiwiri usiku ndikuchonga, ndinaona kuti pafupifupi onse alemba zofanana. Anasimba za nyumba zogwa, mbuzi zokokoloka ndi anthu ogona m'makalasi ku Nsanje ndi ku Chikwawa, ena mpaka kukumbutsa za namondwe wa Freddy wa mu 2023. Analemba bwino ndithu. Koma pa pepala langa la mayankho, malikisi 12 ndinali nditawasungira zifukwa: mvula yambiri ya kuphiri la Mulanje imene imadzaza mtsinje wa Ruo, kukumana kwa Ruo ndi Shire ku Chiromo, ndi mchenga wochokera m'mapiri odulidwa mitengo umene umakwirira mitsinje. Amene anafikako sanakwane khumi.

Lachitatu ndinakadandaula kwa mkulu wa dipatimenti ya ziyankhulo. Atawerenga funsolo anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Aphunzitsi, mwawafunsa pati za chifukwa? Anawa ayankha zimene mwafunsa."

Sindinatsutse. Mawu akuti "fotokozani" pa Chichewa amanyamula ntchito ziwiri. Munthu amafotokoza mmene chinthu chimaonekera, amafotokozanso chimene chimachititsa. Mwana akapanda kuuzidwa, amasankha yopepukayo. Ndipo kalasi yonse ikaphonya malo amodzimodzi, wolakwa amakhala wofunsa.

Tinakhala pansi n'kulidula funsolo patatu. Loyamba: "Longosolani zimene zimachitika madzi akasefukira." Apa mwana amangojambula chithunzi ndi mawu, ndipo tinaikapo malikisi 4. Lachiwiri: "Fotokozani zifukwa zitatu zimene madzi amasefukira kawirikawiri m'chigwachi." Mawu akuti "zifukwa" ndiwo akugwira ntchito, ndipo pochonga ndimafuna "chifukwa" kapena "motero" wolumikiza kudula mitengo ndi mtsinje wokwiririka. Kungotchula kuti "kudula mitengo" ndi malikisi amodzi mwa awiri.

Lachitatu ndilo linativuta. Tinalemba kuti: "Unikani ganizo losamutsira anthu kumtunda." Mkuluyo anati ambiri mawu akuti "unikani" amawadziwira pa tochi, choncho tinawonjezera kuti: "Onetsani ubwino ndi kuipa kwake, kenaka nenani mbali imene mwaima." Malikisi 10, atatu mwa iwo a chigamulo chokha.

Lachisanu analembanso. Mtsikana wina analemba kuti kumtunda n'kotetezeka, koma dimba la m'mbali mwa Shire limabereka ngakhale m'chilimwe, motero anthu adzabwerera pokhapokha akaloledwa kugona kumtunda n'kumalima kumunsi. Ameneyu Lolemba anapeza 7. Ena ambiri anandandalika mbali ziwirizo bwinobwino koma chigamulo osapereka, ndiye phunziro la Lolemba likubwerali ndayamba kale kulikonza.