Mpamba ukaduka pakati, phindu liwerengedwa pa zotsala

Sabata ino ntchito yanga yambiri inali pa gulu limodzi la banki mkhonde kufupi ndi Nchalo. Ndine mlangizi wa magulu osunga ndi kubwereketsana ndalama, ndipo ndimayendera midzi ya pakati pa Nchalo ndi Ngabu. Kawirikawiri ndimangoona mabuku, kuwerengera masheya ndi kuthandiza mlembi pomwe wasokoneza. Koma Lolemba ndinapeza gulu litagawikana pa pempho la ngongole la mayi wina wogulitsa nsomba zowamba, ndipo nkhaniyo inanditengera mpaka Lachisanu.

Mayiwa amaoda mlamba ndi makakana kwa asodzi a ku dambo la Elephant Marsh n'kukagulitsa ku Limbe. Mpamba wawo unali K200,000. Ulendo womaliza anaoda nsomba zosauma bwino, galimoto inawafera pokwera mapiri a Chikwawa, n'kugona panjira. Ndi kutentha kwa kuno, pofika ku Limbe zina zinali zitachita mphutsi, zina zitafumbutuka pansi pa dengu. Anagulitsa motaya, ndipo atachotsa zoyendera anabwera ndi K100,000 yokha.

Pamsonkhano anaimirira n'kunena kuti, "Alangizi, ine ndaluza 50 peresenti. Ndikangopeza phindu la 50 peresenti ndabwerera pomwe ndinali. Maulendo asanu okha, chifukwa ulendo uliwonse ndimapeza 10 peresenti." Anthu ambiri anavomera ndi mutu, mlembi yemwe. Sindinadabwe, pakuti m'khutu zimamveka zoona: wataya 50, pezanso 50.

Ndinapempha ana kuti atolere zitsekerero za mabotolo 20, ndipo tinaziyala pamkeka. Chilichonse chinaimira K10,000. Ndinati, "Mayi, chotsani zomwe zinapita." Anachotsa 10, patsala 10. "Tsopano tiyerekeze kuti mwapeza phindu la theka. Theka la zomwe zili pamkekapa ndi zingati?" Anawerenga ndi chala, n'kuika 5. Pamkeka panakhala 15. Anayang'ana zisanu zomwe zinali zikadali m'dzanja mwawo, nayang'ananso pamkeka. Msungichuma, gogo wina amene salankhula kawirikawiri, ndi amene anati, "Theka la poyamba lija linali la mulu waukulu. Ili ndi la mulu waung'ono."

Nkhani yonse yagona pamenepo. Peresenti imawerengedwa pa ndalama yomwe uli nayo pa nthawi imeneyo. Pomwe mayiwa ankaluza, theka linkawerengedwa pa K200,000, ndiye linali K100,000. Pomwe akuyambanso, chilichonse chikuwerengedwa pa K100,000 yotsalayo, ndiye theka ndi K50,000 basi, ndipo afika pa K150,000. Ndalama yomwe ikusoweka sinasinthe, ndi K100,000 yomwe ija. Chasintha ndi ndalama yomwe ikuyenera kubereka K100,000 imeneyo. Kuti K100,000 ibereke K100,000 inzake ndiye kuti kwacha iliyonse ibweretse kwacha ina, ndipo kumeneko ndi kupindula 100 peresenti.

Ndinawaonetsa mlembi kawerengedwe kake kuti alembe kuchikuto kwa buku: tenga zomwe zapita, ugawe ndi zomwe zatsala, uchulukitse ndi 100. Ukaluza 20 pa 100 iliyonse, patsala 80, ndipo 20 pa 80 ndi 25 peresenti. Apa kusiyana n'kochepa, n'chifukwa chake anthu sakuona pa kuluza kwakung'ono. Ukaluza 50, patsala 50, ufunika 100 peresenti. Ukaluza 75, patsala 25, ndipo 75 pa 25 ndi 300 peresenti. Kuluza kukamakula, zosoweka zikuchuluka pomwe zoti zigwire ntchito zikuchepa, mbali zonse ziwiri zikukukanikiza nthawi imodzi.

Lachiwiri ndinali ku Ngabu pa gulu lina lomwe likukonzekera kugawana. Kumeneko kunalibe chovuta, tinangowerengera chiwongoladzanja n'kutsimikiza tsiku.

Lachitatu ndinapita kunyumba kwa mayi aja, chifukwa pagulu munthu sangaulule zonse. Tinakhala pakhonde ndi kope, n'kuyamba kulemba ulendo umodzi wa ku Limbe monga umayendera zinthu zikakhala bwino. Pa K200,000 ija, K30,000 imapita pa galimoto, kulipirira katundu, chiphaso cha mumsika ndi chakudya. Nsomba amaoda za K170,000, ndipo amazigulitsa mokwera ndi 30 pa 100 iliyonse, kutanthauza K221,000. Phindu lenileni ndi K21,000, ndiye 10 peresenti yomwe ankanena ija inali yoona.

Kenako tinalemba ulendo womwewo ndi K100,000. Mpando wa m'galimoto sutsika mtengo chifukwa choti mpamba wachepa. Tinangochotsako pang'ono za katundu, zoyendera zinakhala K25,000. Zoodera nsomba zatsala K75,000. Akazigulitsa mokwera ndi 30 pa 100 yomwe ija, apeza K97,500. Ndiye kuti achoka kunyumba ndi K100,000, abwera ndi K97,500, popanda ngozi iliyonse panjira.

Ichi ndi chomwe chimandidetsa nkhawa kwambiri pa ntchito yanga, kuposa masamu a pamkeka aja. Munthu akaluza theka, sikuti amangofunika phindu lowirikiza, komanso njira yomwe ankapezera phindu ija mwina sigwiranso pa mpamba wotsalawo. Ndinaziona kwambiri pambuyo pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, pomwe madzi anawononga katundu wa anthu ambiri kuno ku Chikwawa ndi ku Nsanje. Ena anapitiriza maulendo aatali ndi kampamba kochepa, akumva ngati ali pa geni poti tsiku lililonse ndalama ikudutsa m'manja, koma mwezi ukatha kathumba kakupepukirabe. Chizindikiro chake n'chosavuta: werengani ndalama musananyamuke, muwerengenso mutabwera musanagule ngakhale mchere. Dengu likamachepa ulendo ndi ulendo pomwe mtengo woodera sunasinthe, mpamba ukudyeka.

Tinayesa msika wapafupi. Ku Nchalo kuli anthu ogwira ntchito kuminda ya nzimbe amene amagula ndiwo, makamaka malipiro akatuluka. Mtengo sufika wa ku Limbe, koma kabaza ndi K5,000 yokha. Akaoda za K95,000 atha kugulitsa pafupifupi K110,000, ndipo 10 peresenti ija yabwereranso. Tinayamba kukwera nayo pakope: K110,000, K121,000, K133,000, K146,000, K161,000. Ndinaima pa ulendo wachisanu kuti aone okha pomwe ankayembekezera kufika pa K200,000. Tinapitiriza: K177,000, K195,000, ndipo ulendo wachisanu ndi chitatu ndi umene unadutsa, K214,000.

"Koma alangizi, ana adya chiyani maulendo onsewo?" Funso limeneli ndi lomwe mapepala a maphunziro athu salifunsa. Masamu ajawa akuyenda ngati pakhomo sipakuchotsedwa kalikonse. Tinawerengeranso akuchotsa K5,000 ulendo uliwonse, ndipo maulendo anakhala 12. Akamachotsa K10,000, ndiye kuti akudya phindu lonse la K100,000, ndipo mpamba ukhala pomwepo chaka chonse osasuntha. Kale, pa K200,000, K10,000 yomweyo inali theka la phindu, ndipo sankaimva. Tinagwirizana kuti za pakhomo kwa miyezi ingapo zichokere ku ganyu wa amuna awo ndi ku nkhuku. Ndalama yochokera kunja kwa geni ili ndi ubwino woti silabadira kuchepa kwa mpamba. K20,000 ya ganyu ndi K20,000 basi, kaya m'thumba muli zingati.

Madzulo ake ndinacheza ndi mphunzitsi wina amene amatithandiza kuona mabuku. Iye anandikumbutsa za Novembala 2023, pomwe Banki Yaikulu inasintha mtengo wa dola kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700, ndipo aliyense ankati kwacha yagwa ndi 44 peresenti. Kusiyana kwake ndi K520. Ukaiwerengera pa K1,180 ikupereka 44 peresenti, kumene ndi kukwera kwa dola. Koma munthu amene anali ndi K100,000 ankagula madola pafupifupi 85, kenako ankagula 59 okha, ndiye anataya pafupifupi 31 peresenti. Kuti agulenso madola omwe ankagula poyamba aja anafunika pafupifupi K144,000. Masamu ake ndi omwe aja a pamkeka: kutsika kwa 31, kukwera kwa 44.

Lachinayi ndinalemba malipoti.

Lachisanu gulu linakumananso pa pempho lija. Mayiwa ankafuna K100,000 kuti mpamba ufike pa K200,000 nthawi imodzi abwerere ku Limbe. Sindinganene kuti maganizo awo anali opanda nzeru. Chiwongoladzanja cha gulu lawo ndi 20 peresenti pamwezi, ndiye abweza K120,000. Maulendo awiri abwino pamwezi ndi K42,000, kuchotsa K20,000 ya chiwongoladzanja, patsala K22,000. Koma ndinapempha kuti tiyalenso zitsekerero 20, ulendo uno 10 zozondotsa kusonyeza kuti ndi za gulu. Ndinafunsa kuti zomwe zinachitika pamapiri zija zikachitikanso, zipite ziti? Bambo wina anayankha kuti, "Ngongole siwola. Ziwola ndi zawo." Patsala K100,000, ngongole ndi K120,000. Nsomba zaluza theka, koma mwini wake waluza zonse ndi kupitirira, ndipo mpamba ukafika pa ziro palibe peresenti yomwe ingaudzutse, chifukwa palibe choti uwerengerepo.

Panali kukangana pang'ono. Ena ankati kuwamana n'kuwaponya m'madzi mnzawo, ndipo ine ndimamvetsa, poti mayiwa sanaphonyepo kubweza chiyambire gululo. Koma malamulo awo omwe salola ngongole yoposa katatu masheya a munthu, ndipo masheya awo ndi K20,000. Pomaliza anavomereza K50,000. Mpamba ukhala K150,000, ndipo zitati zavutanso n'kuduka pakati, patsala K75,000, abweza K60,000, atsala ndi K15,000 yoyambirapo. Agulitsa ku Nchalo mpaka ndalama yawoyawo, osawerengera ngongole, itakwana K170,000. Aziyamba athyola mlamba umodzi pa dengu lililonse kuona ngati m'kati mwauma asanalipire, ndipo mlembi azilemba mpamba wawo pamsonkhano uliwonse, ngongole paderanso.