Chilembo chimodzi chimene chinasandutsa pakamwa kukhala mwezi

Kwa masiku atatu ndinalimbana ndi liwu limodzi pa chithunzi cha tsamba la kope limene tinapatsidwa kuti timasulire m'Chichewa, ndipo mtima wanga wakhala pansi dzulo usiku. Tsambalo linali la m'Chingerezi, lofotokoza kaperekedwe ka mankhwala a njoka zam'mimba kwa mbuzi, ndipo mwini wake amalemba molumikiza, moti n ndi u zonse zimaoneka ngati timizere tiwiri togwirana m'munsi. Mzere wachinayi ndinauwerenga kuti "give by month", ndipo ndinali nditalemba kale kuti "perekani mwezi ndi mwezi".

Chimene ndinachedwa kuzindikira n'chakuti chilembo chokayikitsa sitichiyerekeza ndi zilembo zimene tinaphunzira ku pulayimale, koma ndi dzanja la wolemba yemweyo pa tsamba lomwelo. Ndinafufuza mawu osakayikitsa, ndipo ndinapeza "and" kasanu ndi "but" kawiri. Nditakopera n ndi u za m'mawu amenewa papepala moyandikana, ndinaona kuti n ya munthuyu imayamba ndi kalinunda kakang'ono pamwamba pa kamzere koyamba, pamene u imayamba mosongoka. M'liwu londivuta lija munalibe kalinunda. Linali "mouth", ndipo tanthauzo lake linali lakuti mbuzi imwetsedwe mankhwalawo pakamwa. Mlimi wotsatira kumasulira kwanga koyamba akanamapereka mankhwala mwezi uliwonse, chonsecho osauzidwa n'komwe kaperekedwe kake.

Ndinalakwitsa chifukwa ndinkawerenga ndi kumasulira nthawi imodzi, ndipo chiganizo cha Chichewa chikangomveka bwino, maso amaleka kukayika. Tsopano ndimayamba ndakopera tsamba lonse chilembo ndi chilembo, n'kusiya timadontho pamene sindikutsimikiza, kenako ndimapanga alifabeti ya wolembayo, ndipo kumasulira kumabwera pomaliza. Alifabetiyo inandithandizanso pa mzere wachisanu ndi chimodzi, pamene d yosatsekeka inkaoneka ngati c ndi l, moti "dose" inkawerengeka ngati "close". Ngakhale 1 ndi 7 ndinazisiyanitsa poyang'ana manambala amene mwini wake anaika kumayambiriro kwa mfundo zake. Ine ndikuona kuti njira imeneyi ikuposa zina zonse, makamaka ija yokulitsa chithunzi pa foni, yomwe ikapyola muyeso imangosandutsa inki kukhala chimbuuzi.

Chimene chikundiwawa n'chakuti aphunzitsi athu anangotiuza kuti tiziona mawu oyandikana nawo, osatisonyeza ngakhale kamodzi chochita pamene mawu onse awiri akukwanira m'chiganizo, ndipo nthawi imene anatipatsa inali yongokwanira kumasulira kokha.

Komabe tsamba ili linali lodzaza, n'chifukwa chake ndinapeza zoyerekezera zambiri. Ntchito yotsatira ndi kapepala ka mizere iwiri yokha, ndipo sindinadziwebe kumene ndidzatenge n yotsimikizika ngati mulibe "and" ngakhale mmodzi.